Andilembera kuti "agreed in principal": kodi ngongole yatheka kapena ayi?

Mayi a Tadala: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndithandizeniko inu odziwa chizungu cha m'mapepala. Ndinapempha ngongole ya K2,000,000 ku bungwe lina lobwereketsa ndalama kuno ku Blantyre, ndikufuna kupikula makope ndi zolembera sukulu zisanatsegulire. Masana ano mnyamata wa ku ofesi kwawo wanditumizira uthenga uwu pa WhatsApp: "Good afternoon madam, the committee has agreed in principal to your loan of K2,000,000. Please come and correct the forms on Thursday." Ine ndamva kuti avomera ndalama yonse imene ndinapempha, poti pa fomu yawo ndalama yobwerekayo amailemba kuti principal. Koma mwana wanga akuti mawuwo alakwika, tanthauzo lake si limenelo. Kuholoselo ku Limbe akufuna ndiwauze lero ngati andisungire makatoni, ndipo kusungitsako n'kolipira kaye theka. Chinanso, mafomu amene akuti ndikakonzewo ndinalakwitsa pati? Ndinalemba mothandizidwa ndi iwo omwe.

Chikondi: Zatheka izi mayi, mwawina. Akuti agreed ndiye kuti agreed basi. Zinazo ndi kuthamanga kwa chala pa foni.

Bambo Phiri: Ayi Chikondi, usawathamangitse mayiwa. Mayi a Tadala, musalipire kalikonse kuholoselo lero. Ine ndinagwirapo ntchito ya ngongole nthawi yaitali ndisanapume, ndipo mawu amenewa ndimawadziwa. Mnyamatayo amafuna kulemba kuti "agreed in principle". Akatero kuofesi amatanthauza kuti komiti sikukana ganizo lokubwerekani, koma zina sizinathe. Mwina sanapite kukaona chikole chanu, mwina wokuimirirani sanasaine, mwina akudikira kuti aone mabuku a shopu. Akapita kukaona chikole n'kupeza kuti sichikukwana, akhoza kukuuzani kuti tikupatsani K1,200,000 yokha, ndipo sadzakhala ataphwanya lonjezo lililonse, chifukwa sanalonjeze. Akanakhala kuti avomera ndalama yeniyeniyo akanalemba kuti "approved", n'kukupatsani kalata yonena ndalama, chiwongoladzanja ndi miyezi yobwezera.

Mayi a Tadala: Iii bambo, ndiye kusiyana kwa malembo awiri okhawo? Ine mtima unali utakhala kale pansi.

Bambo Phiri: Awiri okhawo mayi. Choipa chake n'chakuti m'nkhani ya ngongole mawu onse awiri ali ndi malo. Mukanakhala kuti mumakambirana za maluwa, principal sakanakusokonezani, mukanaona msanga kuti walowa posayenera. Koma pa ngongole principal ndi ndalama imene mwabwereka musanaikepo chiwongoladzanja. Ndipereke chitsanzo chongopeka. Mwabwereka K2,000,000 pa 4 peresenti pamwezi, yowerengera pa ndalama yotsala. Mwezi woyamba chiwongoladzanja ndi K80,000. Mukapereka K300,000, amayamba achotsa K80,000 ija, ndipo K220,000 ndi imene imadula principal, n'kutsala K1,780,000. Mwezi wachiwiri chiwongoladzanja chitsika kufika pa K71,200. Ndiye munthu amene wakhala akuona mawu amenewa pa fomu, pafupi ndi nambala ya ndalama, akawaona mu uthenga wonena za K2,000,000 yomweyo, n'zosadabwitsa kuganiza kuti ndalamayo ndi imene yavomerezedwa. Simunawerenge molakwa. Wolembayo ndi amene anakusocheretsani.

Aphunzitsi a Banda: Bambo Phiri anena zoona. Ndiwonjezerepo za mmene mungasiyanitsire popanda kutsegula dikishonale. Principle wa -le ndi dzina basi, sagwira ntchito ina. Ndi mfundo, lamulo, kapena chimene munthu amayendera pa moyo wake. Principal wa -al nthawi zambiri amanena za chachikulu, choyamba: munthu wamkulu pa koleji ya aphunzitsi, mlembi wamkulu wa unduna amene timamutcha PS uja, Principal Secretary, kapena ndalama yaikulu ya ngongole imene chiwongoladzanja chimamerapo. Ndiye mukakayika, chotsani mawuwo muikepo "main". Ngati chiganizo chikumveka, lembani -al: "our main supplier", choncho "our principal supplier". Ngati sichikumveka, yesani "rule", amene nayenso amathera ndi -le: "it is a rule of this company", choncho "it is a principle of this company". Pa uthenga wa mayiwa, "agreed in main" palibe chimene akunena, ndiye -al wagwa.

Chikondi: Ife anatiphunzitsa kuti the principal is your pal. Ndimangokumbukira imeneyo.

Aphunzitsi a Banda: Imeneyo imathandiza theka lokha, Chikondi. Pal ndi mnzako, ndiye imakuuza kuti munthu ndi -al, ndipo zimenezo n'zoona. Koma ana ambiri amaitembenuza n'kumaganiza kuti chilichonse chimene si munthu ndi -le. Ndi mmene zimabadwira "principle amount" ndi "principle place of business" zimene zadzaza m'mapepala a mabizinesi. Ndalama si mnzako, adiresi ya kampani si mnzako, koma zonsezo ndi -al.

Anambewe: Za mafomuzo palibe wayankha. Asisi, musavutike kufunafuna pamene munalakwitsa. Ine ndikukhulupirira kuti mnyamatayo amati "collect the forms", mukatenge mafomu. Ndakhala pa desiki ya ulembi kuyambira nthawi ya mataipi, ndipo collect ndi correct ndi amene ndawakonza kwambiri kuposa their ndi there amene amatchuka m'mabuku. Kwa mzungu mawu awiriwa samveka mofanana ngakhale pang'ono. Kwa ife amafanana, chifukwa m'Chichewa l ndi r sasiyanitsa mawu. Unene kuti lero kapena rero, aliyense amva kuti ukunena za tsiku lomwe lino. Khutu likazolowera choncho, chala chimatsatira khutu.

Mayi a Tadala: Ndiye ndikatenge kapena ndikakonze? Poti zonse zikumveka.

Anambewe: N'chifukwa chake muyenera kufunsa, osaganizira. Mulembereni mwachidule, ndipo musagwiritse ntchito mawu ake omwewo, angakubwezereni cholakwa chomwecho. Lembani chonchi: "Thank you. Please confirm two things: has the full K2,000,000 been approved, or are there conditions remaining? On Thursday, am I picking up new forms or changing the ones I submitted?" Mwaona, mulibe principal, mulibe correct. Ayankha kuti eya kapena ayi. Ndipo simunamunyoze.

Mayi a Tadala: Ndatumiza momwemo. Zikomo asisi.

Achimwene Yohane ku Joni: Koma abale chizungu si chathu ichi. Bwanji timazunzana nacho? Ine kuno ndimalankhula ndi mabwana tsiku lililonse, katchulidwe kanga n'kachimalawi, ndipo palibe anandichotsapo ntchito. Aliyense ali ndi lilime lake. Munthu wa ku Nigeria amatchula zake, Mzulu zake. Tisamachite manyazi ndi mmene timalankhulira.

Anambewe: Achimwene, palibe akunena za katchulidwe pano. Lankhulani mmene mumalankhuliramo, n'zabwinobwino. Pakamwa pali nkhope, pali manja, ndipo winayo akapanda kumva amafunsa pompo. Uthenga wolemba umapita wokha. Mayi a Tadala akanatha kulipira theka la makatoni lero chifukwa cha malembo awiri.

Achimwene Yohane ku Joni: Ndamva achemwali. Koma ndikuonabe kuti ofesiyo ikanangowalembera m'Chichewa mayiwa. Onse awiri ndi Amalawi.

Bambo Phiri: Apo pokha ndikugwirizana nanu, a Yohane. Akanati "komiti sikukana, koma tidikire tikaone chikole", nkhani yonseyi sikanakhalapo. Vuto n'lakuti kalata ya ngongole, invoisi ndi mapepala a tenda zimabwerabe m'Chingerezi, ndiye sitingathawe.

Nachisale ku Leeds: Ndingokutonthozani a Yohane. Kuno eni chilankhulo ndi amene amalakwitsa their ndi there kuposa ife. Pa bolodi ya kuntchito kwathu ndimawerenga "your on nights" m'malo mwa "you're on nights", ndipo "should of" m'malo mwa "should have" ndi wa tsiku ndi tsiku. Iwo anayamba kumva mawuwo ali makanda, kulemba kunabwera pambuyo, ndiye amalemba zimene akumva. Ife tinakumana ndi their pa bolodi m'kalasi, tinamuona ndi maso tisanamumve bwino. Koma collect ndi correct sindinaonepo mzungu atasokoneza. Aliyense ali ndi dzenje lake.

Aphunzitsi a Banda: Mfundo ya Nachisale ndi imene ndimafuna anthu a m'maofesi aimvetse. Mndandanda wa mawu osokoneza umene mumaupeza m'mabuku ochokera kunja unalembedwera khutu la kunja. Wathu ndi wautali kuposa pamenepo, ndipo ndi wina. Chichewa chili ndi malembo a liwu asanu, a e i o u, ndipo timawatchula asanu omwewo. Chingerezi chimalemba asanu koma chimatchula oposa khumi. Ndiye mawu amene kwa iwo ndi osiyana, kwa ife amagwera m'mphika umodzi. Staff ndi stuff. Leave ndi live. Lack ndi luck. Park ndi pack. Seat ndi sit. Ndinaonapo kapepala kotsatsa malonda konena kuti "our stuff are well trained", kutanthauza kuti katundu wawo ndi wophunzitsidwa bwino. Kalata zopempha tchuthi zonena kuti "annual live" sindingaziwerenge n'komwe. Zimenezi buku la ku London silingakuchenjezeni, chifukwa kumeneko si vuto.

Chikondi: Komatu aphunzitsi zonsezi zinatha kale. Word imakudulira mzere wofiira, foni imakukonzera yokha. Ingoyatsani spell check basi.

Anambewe: Chikondi mwananga, tsegula Word pompano ulembe kuti "Please correct your goods at our shop" undiuze ngati pabwera mzere wofiira.

Chikondi: Sunabwere.

Anambewe: Sungabwere. Mzere wofiira umangofunsa funso limodzi: kodi mawu awa alimo m'dikishonale? Correct alimo. Principal alimo. Stuff alimo. Umagwira "recieve" chifukwa mawu otero kulibe. Pali mzere wina wabuluu umene umayesa kuona chiganizo chonse, ndipo nthawi zina umagwiradi their ndi there kapena its ndi it's. Koma pamene mawu onse awiri akupanga chiganizo chabwinobwino, monga collect the forms ndi correct the forms, makina sangadziwe chimene unali nacho m'mutu. Ndipo amenewo ndi omwe amawononga ndalama. Olakwika moonekeratu wowerenga amangowadumpha, amadziwa chimene umafuna kunena.

Chikondi: Chabwino, pamenepo mwandigwira. Koma mzere wabuluuwo musaupeputse, anthu ambiri anauzimitsa osadziwa. Komanso onani chilankhulo chimene mwasankha pansi pa tsamba. Ngati pali English (United States), idzakudulirani cheque ndi licence, inu n'kusintha zolondola kukhala za ku America. Ikani English (United Kingdom), ndi imene ikufanana ndi zimene timalemba kuno.

Anambewe: Imeneyo ndi yabwino, ndavomera.

Tiyamike: Pepani ndilowererepo ndi langa. Ine ndimagulitsa makeke ndipo ndimalemba maoda onse pa foni. Nthawi iliyonse ndikalemba its, foni imasintha kukhala it's. Ndinayamba kungoisiya poganiza kuti ikudziwa kuposa ine. Ndiye zolondola ndi ziti? Mwachitsanzo pa sitetasi ndinalemba kuti "Every cake comes in it's own box".

Aphunzitsi a Banda: Pamenepo foni yakunamizani, Tiyamike. Ikhale "its own box", yopanda nkhodolero. It's wa nkhodolero ndi chidule cha "it is" kapena "it has", palibenso china. Ndiye muziwerenga motambasula: "Every cake comes in it is own box". Mwamva kuti zathyoka. Koma "It's ready for collection" mukatambasula ikhala "It is ready for collection", ili bwino. Chimene chimakoka dzanja n'chakuti tinaphunzira kuti umwini umafuna nkhodolero: the customer's box, the company's car. Ndiye mutu umati its nayenso ndi umwini, apatsidwe yake. Koma its ali m'gulu la his, hers, ours ndi theirs, ndipo onsewo alibe. Kunena zoona, amene amalakwitsa sakuganiza mopusa. Zaka mazana angapo zapitazo Angerezi enieniwo ankalemba it's pa umwini, mpaka olemba mabuku anadzagwirizana zoichotsa. Lero yatsala ngati cholakwa basi.

Tiyamike: Ndiye ndikhala ndikulimbana ndi foni moyo wanga wonse?

Chikondi: Ayi sisi. Ikakusinthirani, dinani batani lofufutira kamodzi nthawi yomweyo, makiyibodi ambiri amabweza zimene munalemba. Kapena zimitsani Auto-correction mu Settings ya kiyibodi, musiye kuti izingokuonetsani mawu pamwamba musankhe nokha. Ndipo amene mumalemba uthenga polankhula pa maikolofoni, muziwerenga musanatumize. Pamenepo ndiye foni imalemba ndi khutu lenileni.

Agogo a Mwale: Ana inu, nkhodolero imeneyi musamayese ndi ya chizungu chokha. Lembani kuti mbale wanga wabwera, muone ngati simunaitane chodyera nsima. M'bale ndi mbale. Ife a Chichewa Board akale ankatikhaulitsa nazo.

Aphunzitsi a Banda: Zoona agogo, ndipo ntchito yake ndi yomweyo ya it's: ikusonyeza kuti pachoka lembo, mubale n'kukhala m'bale.

Achimwene Yohane ku Joni: Nanga their ndi there amene anatchulidwa aja? Ine ndimangolemba "thy" pa foni, aliyense amamva.

Aphunzitsi a Banda: Kwa anzanu amva, koma pa kotesheni musatero achimwene. Njira ndi yomweyo yolowetsa mawu ena. Their ndi umwini, ndiye yesani "our": "their invoice", "our invoice", zikuyenda. They're ndi "they are". Zikakana zonse ziwiri, ndiye there, amene muli here m'kati mwake, wa malo. Tengani uthenga uwu wa kwa wonyamula katundu: "The drivers say there leaving there truck their." Woyamba, "they are leaving" ikumveka, ndiye they're. Wachiwiri, "our truck" ikumveka, ndiye their. Wachitatu, "our" sakulowa, "they are" sakulowa, ndi malo, ndiye there. Koma ndinene mosabisa, atatu amenewa kawirikawiri sasocheretsa munthu. Wowerenga amamva ndithu, kungoti amakuchotserani ulemu pang'ono.

Bambo Phiri: Pamenepo aphunzitsi ndi pamene ine ndimasiyanirana ndi anthu okonda kutola zolakwa. Sizonse zimene zimalemera mofanana. Ine pa desiki ndinkazigawa pawiri. Pali zochititsa manyazi, monga their, its, kapena shopu yolemba pakhomo kuti "stationary" pamene ikugulitsa stationery. Palibe amene amalowa mu shopu yotero n'kuganiza kuti makope aima osayenda. Ndiye pali zosintha chimene winayo achite mawa m'mawa. "Correct the invoice" ndi "collect the invoice": wina akhala pa kompyuta kufunafuna nambala yolakwika pamene amayenera kutuma mnyamata panjinga. "We accept the last item" ndi "we except the last item": woyamba walandira, wachiwiri wachotsa. Munthu amene ali ndi mphindi imodzi yokha yoonanso uthenga ayambe ndi gulu lachiwirili. Aone mawu amene ali pafupi ndi ndalama, tsiku, ndi chimene akumuuza mnzake kuti achite.

Anambewe: Ine sindikuvomereza kuti gulu loyambalo ndi lopepuka choncho, bambo. Ndakhalapo m'chipinda pamene akutsegula makotesheni atatu, mitengo yofanana pafupifupi. Ina pamutu penipeni inalembedwa kuti "Suppliers of stationary". Palibe analemba mu lipoti kuti tawakana chifukwa cha sipelo, koma ndinamva wina akuti, amenewa adzatisindikizira bwanji mabuku a malisiti ngati dzina la katundu wawo lomwe likuwavuta? Uthenga wa pa foni anthu amakhululuka. Koma chimene chili pa chidindo, pa mutu wa kalata ndi pa chikwangwani chimabwerezedwa tsiku lililonse.

Bambo Phiri: Pa chidindo ndi mutu wa kalata ndagonja, mayi. Koma pa uthenga wa tsiku ndi tsiku ndikuimabe pomwepo.

Mayi a Tadala: Mwandichititsa kutuluka panja kukaona chikwangwani changa. Chili ndi e, mtima pansi. Mnyamata uja wayankha. Akuti mafomu ndi atsopano, a wondiimirira, ndikatenge. Ndipo akuti ndalama "is subject to valuation", abwera sabata yamawa kudzaona firiji ndi mashelefu. Kuholoselo ndawauza kuti adikire, ngati agulitsa kwa ena agulitse.

Chikondi: Ndiye ngati mayiwa akanalipira theka lija, sakanawasumira a bungwewo? Poti uthenga ulipo, analemba okha kuti principal.

Bambo Phiri: Ine si loya, koma mmene ndinaonera nkhani zotere zikuyendera, sakanapita nazo patali. Oweruza sawerenga lembo limodzi, amawerenga chikalata chonse n'kufunsa kuti munthu wanzeru zake akanamva chiyani. Cholakwa chikakhala choonekeratu, ndipo chimene amafuna kulemba chikudziwika, amachiwerenga ngati chinalembedwa bwino. "Agreed in principal" aliyense wa m'maofesi anena kuti ndi "in principle" wolakwika sipelo. Ndiye zimapweteka mbali zonse. Sungathawe ngongole yako chifukwa kalata inalemba "principle amount", ndiponso sungakakamize bungwe kukupatsa ndalama chifukwa kalaliki anaphonya malembo. Pangano lenileni ndi kalata yosainidwa ija.

Tiyamike: Ine ndinamva kuti njira yabwino ndi kuwerenga mokweza usanatumize.

Anambewe: Imathandiza pa mawu odumphidwa ndi chiganizo chotalika, koma pa awa ndi yosathandiza konse. Vuto lawo ndi lomwelo lakuti amamveka mofanana, ndiye ukawerenga mokweza khutu limavomera zonse. Chimene ine ndimachita ndi ichi. Ndili ndi kapepala kanga komata pambali pa kompyuta, ka mawu amene ndikudziwa kuti amatuluka m'makalata a ofesi yathu. Si ambiri, sakwana khumi. Kalata ikatha ndimadina Ctrl+F n'kulemba "princip", kompyuta imandionetsa onse awiri, a -al ndi a -le, ndipo ndimayesa lililonse ndi main kapena rule. Kenako "rect" ndi "lect". Kenako "it's", ndipo paliponse pamene yapezeka ndimatambasula. M'kalata ya ofesi ndimangolemba "it is" yonse, nkhodolero osaifuna n'komwe, ndiye it's aliyense amene watsala ndi wokayikitsa. Koma musayerekeze kugwiritsa ntchito Replace All. Mtsikana wina amene ndinkamuphunzitsa ntchito anamva kuti principle ndi wolakwika, n'kusintha onse m'lipoti lonse kamodzi. Mutu wakuti "Guiding Principles" unasanduka gulu la akuluakulu a makoleji.

Nachisale ku Leeds: Kkkk ndafa. Kapepalako aliyense akhale ndi kake, chifukwa anga si anu. Ine anga ndi lose ndi loose, komanso advice ndi advise.

Aphunzitsi a Banda: Advice ndi advise ndi abwino kuwagwira, chifukwa amakutsegulirani ena awiri. M'Chingerezi cha ku Britain, chimene timatsatira kuno, wa c ndi dzina ndipo wa s ndi mneni. Advice ndi malangizo, advise ndi kulangiza. Chimodzimodzi licence ndi chiphaso, license ndi kupereka chiphaso. Practice ndi practise momwemonso. Awiri oyambawo amamveka mosiyana, ndiye mukakayika pa licence, ikanipo advice kapena advise mumve amene akulowa. Ndiye "Please advice" amene amatsekera maimelo ambiri kuno ndi wolakwika, akhale "Please advise".

Chikondi: Ndipo mukazindikira mutatumiza kale, pa WhatsApp muli ndi mphindi 15 zokonzera. Dinikizani uthengawo, sankhani Edit. Pamaoneka kuti Edited koma palibe vuto. Pa Gmail pali Undo Send, muikeni pa masekondi 30 mu Settings chifukwa amabwera ali pa 5. Recall ya mu Outlook musaidalire kwa kasitomala wakunja, imagwira pakati pa anthu a m'bungwe limodzi.

Bambo Phiri: Edit ndi yabwino ngati winayo sanawerenge. Ngati wawerenga kale ndipo mawuwo akukhudza ndalama kapena tsiku, kukonza mwakachetechete n'koopsa, chifukwa iye sabwereranso kukaona uthenga wakale. Tumizani watsopano wonena kuti pamwambapa ndimati mukatenge, osati mukakonze. Koma their wosochera musamutumizire uthenga wachiwiri, mukungomudzutsa munthu ndi foni pachabe.

Tiyamike: Funso lomaliza kwa ine. Mayi a Tadala amuuze mnyamata uja kuti amalakwitsa? Poti mawa alembera wina zomwezo, ndipo winayo sakhala ndi gulu lofunsako.

Anambewe: Amuuze, koma pamaso, Lachinayi pokatenga mafomu, pasakhale anthu. Mwana ameneyo mwina palibe anamuuzapo.

Bambo Phiri: Ine ndikuti ayi, osati pano. Fayilo yawo ili m'manja mwa mnyamata yemweyo, ndipo sitikumudziwa mtima wake. Ena amathokoza, ena fayilo imatsikira pansi pa mulu. Ndalama ikalowa, apo akhoza kumuuza.

Anambewe: Bambo, ndi mmene zolakwa zimakalambira m'maofesi. Aliyense akudikira kuti zake zitheke kaye. Ine bwana wanga ndinkamukonzera m'kalata mwakachetechete, koma ndinkamuonetsanso, ndipo sanandidane nazo.

Bambo Phiri: Inu munali mlembi wake, inali ntchito yanu. Mayiwa ndi wopempha ngongole.

Mayi a Tadala: Ndikamuona nkhope Lachinayi ndiye ndidziwa. Aphunzitsi, ndisanaiwale, pa fomu ya wondiimirira ndikufuna kulemba kuti mlamu wanga ndi mkulu wa sukulu ya pulaimale. Ndilembe Principal?

Aphunzitsi a Banda: Sipelo mwakhoza mayi, koma udindo si umenewo. Wa pulaimale lembani Head Teacher, mmene zilili pa kalata yake ya ntchito, kuti akamafufuza zigwirizane.